Mawu othokoza achinyamata pa tsiku loyeretsa dera lathu

Amayi ndi abambo, azakhali ndi amalume, makamaka inu achinyamata amene mwadzuka m'mamawa tsiku Loweruka kuzizira konseku, zikomo kwambiri. Msewu wa kuseri kwa holo ino lero munthu angathe kuyendamo ndi mwana osayang'ana pansi. Ntchito imeneyi ndi ya manja anu. Musanapite kukalandira tiyi ndi mandasi, tikufuna tikambirane zinthu ziwiri zimene mwachita bwino, chifukwa zili ndi tanthauzo lalikulu kuposa mmene zikuonekera.

Choyamba ndi ndowa ija munaikamo ndudu zamagetsi, zimene inu mumati mavepu. Ena amafunsa kuti tikudzivutitsiranji, bwanji osangoponya m'thumba limodzi ndi zitini. Chifukwa chake n'chakuti vepu iliyonse ili ndi batire la lifiyamu mkati. Galimoto ya khonsolo imapsinja zinyalala ndi chitsulo kuti zambiri zikwane. Batire likaphwanyika pamenepo limatentha mpaka kuyaka, ndipo mapepala ndi mapulasitiki ali pomwepo. Anthu ogwira ntchito pa galimotoyo ndi amene amayamba kukumana ndi motowo. Boma linaletsa kugulitsa mavepu ogwiritsa ntchito kamodzi kuyambira pa 1 Juni 2025, koma mwaona nokha kuti m'tchire akadalimo. Ndowayo tipita nayo kumalo a khonsolo olandirira mabatire ndi zamagetsi. Kumbukiraninso kuti sitolo zogulitsa mavepu zimayenera kulandira akale. Mukapeza yotupa, yotentha kapena yonunkha mankhwala, isiyeni pomwepo, muitane wamkulu.

Chachiwiri ndi mulu uja wa pakona: matiresi awiri, firiji ndi matumba akuda. Munachita bwino kusaukhudza. Zinthu zotayidwa dala chonchi ndi mlandu pansi pa lamulo la Environmental Protection Act la 1990, ndipo muluwo ndi umboni. Tikaunyamula ife, umboni umatha, komanso sitidziwa ngati m'matumbamo muli magalasi kapena majakisoni. Gulu la atsikana lija linajambula zithunzi ziwiri, china chapafupi choonetsa katunduyo, china chapatali choonetsa chikwangwani cha msewu. Kenako linatsegula FixMyStreet pa foni, n'kulemba kuti muli zinthu zanji ndipo ndi zingati. Apa pali msampha umodzi. Foni ikakhala pakati pa nyumba zazitali imatha kuika chizindikiro pa msewu wina, ogwira ntchito n'kufika pamalo poyera n'kubwerera. Iwo anakokera chizindikirocho pamalo enieni pa mapu asanatumize. Dziwaninso malire ake: muluwo ukanakhala pa malo a munthu, monga kuseri kwa sitolo, kawirikawiri udindo wochotsa ndi wa mwini malowo, osati khonsolo.

Tsopano nkhani imene ikutikhudza ife eni. Mulu ngati uja nthawi zambiri sutayidwa ndi mwini katundu. Banja likusamuka, lapeza munthu wa vani pa Facebook amene akutchula mtengo wotsika, lamulipira ndalama pamanja, iye n'kukataya katunduyo pakona usiku. A khonsolo akatsegula thumba n'kupeza kalata yokhala ndi dzina ndi adiresi, amagogoda pakhomo la banjalo. Kuno ku England lamulo limafuna kuti mwini nyumba atsimikize kuti wonyamula zinyalala zake ndi wovomerezeka, ndipo akapanda kutero angathe kulipitsidwa chindapusa, ngakhale sanataye ndi iye.

Ambiri a inu ndi amene mumawerengera makolo makalata ndi kuwadzazira mafomu pa intaneti, choncho pano ndi pamene mungawateteze. Amayi akanena kuti apeza munthu wodzatenga firiji yakale, funsani nambala yake ya kalembera wa Environment Agency. Ya ochita malondawa imayamba ndi zilembo CBDU. Ifufuzeni pa kaundula wa pa GOV.UK, muone ngati dzina likugwirizana ndi la munthuyo. Lembani nambala ya vani, pemphani lisiti, ndipo mufunse kumene katunduyo akupita. Munthu akayamba kuzemba mafunso amenewa, mwadziwa kale. Ngati mukukayika, khonsolo imatenganso katundu wamkulu pakhomo mukalembetsa, ngakhale m'madera ambiri pamakhala kandalama kolipira.

Matumba amene mwadzaza tawaunjika pamalo pamene tinagwirizana ndi khonsolo, ndipo tikupempha kuti munthu asawonjezerepo za kunyumba. Magolovesi ndi timitengo totolera tija bwezani pa tebulo la pakhomo, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Amayi amene mwatiphikira, abambo amene munayang'anira ana m'mbali mwa msewu, ndi inu nonse achinyamata, tathokoza. Mufike bwino kunyumba.