Timadontho tisanduke ndime: kulemba pulani ya makina ofinyira mpendadzuwa

Ndiyankhula Chichewa chifukwa ndi chimene alembi alembera. Pomwe pavute, apampando a kopaletivu atimasulire m'Chilambya.

Pepala limene komiti yanu yandipatsa ndalikopera pa bolodipa monga liliri:

- Mamembala 60
- Mpendadzuwa matani 30
- Makina, K18 miliyoni
- Msika ulipo
- Magetsi
- Phindu lambiri

Kwa inu zonsezi n'zomveka, chifukwa munalipo pokambirana. Koma pepalali likupita kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe amene sanafikepo kuno ku Lufita, ndipo inu simudzakhalapo kuti mumulongosolere. Akawerenga kuti "magetsi", adziwa bwanji ngati mukuti muli nawo, mukuwafuna, kapena amazimazima? Mizereyi ndi njerwa zounjika. Matope ake ndi mawu olumikiza: chifukwa, choncho, koma, pokhapokha. Ndipo mawu amenewa sakongoletsa chabe, amayesa pulani. Pamene mwalephera kuika "choncho" pakati pa mfundo ziwiri, dziwani kuti pamenepo pali dzenje.

Poyamba tisanje. Woika ndalama, kaya ndi banki, kaya wamalonda wofuna kulowa nanu m'bizinesi, ali ndi mafunso anayi: ndinu ndani ndipo muli ndi chiyani, adzagula ndani, mukufuna zingati zochitira chiyani, ndalama yake ibwerera liti. Funso lililonse likhale ndi ndime yake. Mamembala ndi matani zipita limodzi, msika paokha, makina ndi magetsi limodzi, phindu pomaliza.

Titenge mizere iwiri yoyambayo. Alembi ambiri amangoika "ndi" pakati: "Tili ndi mamembala 60 ndi mpendadzuwa matani 30." Apo timadontho tachoka, koma ndime sinabadwe. Matani 30 amenewa ndi a chaka chiti? Munayeza pa sikelo kapena mukuyembekeza? Apampando akuti ndi zokolola za chaka chatha, zolembedwa m'buku la gulu, ndipo membala aliyense anabweretsa pafupifupi makilogalamu 500. Tiwerengere kuti makilogalamu anayi amatulutsa lita imodzi. Nambala yeniyeni mukaitenge kwa ogulitsa makina, chifukwa imasintha ndi mtundu wa mbewu komanso kuuma kwake. Ndime ikhala motere:

"Kopaletivu yathu ili ndi mpendadzuwa wokwanira kuyambira kufinya mafuta. Chaka chatha mamembala athu 60 anasonkhanitsa matani 30, monga buku la gulu likuonetsera, ndipo onse anagulitsidwa osafinya kwa mavenda. Popeza makilogalamu anayi amatulutsa pafupifupi lita imodzi, mbewu yomweyo ikadatipatsa malita 7,500 a mafuta ophikira, kuphatikizapo keke yodyetsa ziweto."

Taonani kamangidwe kake. Chiganizo choyamba chanena mfundo imodzi imene ndime yonse ikuikira kumbuyo. Chachiwiri chapereka umboni ndi kumene wachokera. Chachitatu chanena tanthauzo la umboniwo kwa mwini ndalama. Ndime iliyonse iyende choncho: mfundo, umboni, tanthauzo.

Tsopano "msika ulipo". Mzere umenewu ndi umene umagwetsa mapulani ambiri. Msika si malo, ndi munthu amene wavomera kugula. Musalembe kuti tili pafupi ndi Nakonde ndi Tunduma ngati palibe wakumeneko amene munagwirizana naye, chifukwa wowerenga akudziwa kuti malire omwewo ndi amene amalowetsa mafuta opikisana ndi anu. Lembani kuti magolosale angati a pa Chitipa boma kapena ku Karonga, malita angati pa mwezi, pa mtengo wanji, ndipo kalata yawo muiike kumapeto kwa pulani. Pulojekiti ya AGCOM, pothandiza magulu a alimi, inkafuna mgwirizano ndi wogula weniweni isanatulutse ndalama. Ndimeyi imafunanso "pokhapokha": masitolo akuluakulu salandira mafuta a m'botolo pokhapokha akhale ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS. Ngati simunachipeze, nenani choncho, ndipo nenani kuti mukafunsira liti.

Amayi kumbuyoko akufunsa ngati kuulula zimene tilibe sikuthawitsa woika ndalama. Ayi amayi. Iye aziona ndithu. Chimene chimamuthawitsa ndi kuona kuti eni ake simunazione.

Tifike pa makina ndi magetsi, pamene pali dzenje lalikulu. Tiyese kulumikiza: "Makinawa amafinya makilogalamu 500 pa tsiku, choncho matani athu 30 adzatha pa masiku 60." Mwamva? Masiku 60 okha. Miyezi ina khumi makina a K18 miliyoni azidzatani? Pa timadontho funsoli silinkaoneka; latuluka titangoika "choncho". Yankho si la alembi kuti apeke ndi cholembera. Komiti ikhale pansi isankhe: kugula mpendadzuwa kwa alimi a ku Kameme ndi ku Chisenga, kufinyira anthu ena molipiritsa, kapena kugula makina ang'ono. Mukasankha, ndiye zilembedwe.

Mtengo wa makina ukhale ndi tsiku la koteshoni. Mukukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kusinthiratu. Mtengo wopanda tsiku sauza munthu kanthu. Za magetsi, nenani ngati makinawo akufuna a mawaya atatu, thiransifoma ili mtunda wanji, ndipo a ESCOM anakuuzani kuti kulumikiza n'zingati.

"Phindu lambiri" tifufute. Mawu ngati lambiri, posachedwa ndi wabwino kwambiri alowedwe m'malo ndi nambala. Manambala awa ndi ophunzirira chabe, enieni atuluke m'mabuku anu:

"Tikupempha K12.6 miliyoni pa K18 miliyoni yogulira makina, popeza gulu lasonkha kale K5.4 miliyoni. Tikachotsa mtengo wa mbewu, magetsi, mabotolo ndi antchito, lita iliyonse idzasiya K1,000, ndiye kuti K7.5 miliyoni pa chaka. Pa ndalama imeneyi tizidzabweza K4.2 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zitatu, n'kuonjezerapo chiwongoladzanja chimene tidzagwirizane."

Malita 7,500 a m'ndime yoyamba ndi omwewo abala K7.5 miliyoni muno. Nambala ikasintha pakati pa tsamba loyamba ndi lachitatu, wowerenga amasiya kukhulupirira zonse. Dzina la chinthu nalonso lisasinthe: mukayamba ndi "kopaletivu", isasanduke kalabu kutsogolo. Chilankhulo chikhale chaulemu koma chosapembedza. "Chonde mutimvere chisoni" ndi mawu a kalata yopempha thandizo, osati a pulani ya bizinesi. Miyambi muisiye pano pa bwalo. Mndandanda wa mitengo ya zipangizo usiyeni pa tebulo lake, ndime ingofotokoza chimene tebulolo likusonyeza. Ngati akufuna pulaniyi m'Chingerezi, yambani mwamanga ndimezi m'chinenero chimene komiti yonse ikumva, womasulira asadzaonjezere lonjezo limene inu simunapange.

Ntchito ya sabata ino nayi. Asungichuma abweretse buku la zokolola ndi koteshoni yokhala ndi tsiku. Anthu awiri akatenge makalata kwa ogula. Alembi alembe ndime zinayi, kenako aziwerenge mokweza kwa munthu amene si membala, monga aphunzitsi a pa sukulupa. Paliponse pamene afunse kuti "zingati?" kapena "ndani?", ikani chizindikiro. Lachinayi likudzali tidzayambira pa nkhani ya miyezi khumi ija, ndiye komiti ibwere itasankha.