Kuyeza dimba lokhota musanagule feteleza

Kuno ku Kamwala madimba athu ndi otsalira: uku mpanda wa nyumba, uku ngalande yadula mopingasa. Koma malangizo a feteleza wa chimanga amanena za lima, malo a mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, omwe ndi masikweya mita 2,500. Lima imodzi imadya thumba la makilo 50 la D kompaundi, ndiye kuti magalamu 20 pa sikweya mita iliyonse. Kuti mudziwe makilo anu, yambani mwadziwa masikweya mita anu.

Tiyeni tione dimba ili taimapoli. Mbali ya kumpanda ndi mamita 29, m'lifupi ndi 12, koma ngalande yalidya mbali imodzi, mwakuti kutsidya kwatsala mamita 20 okha. Ambiri amachulukitsa 29 ndi 12 n'kupeza 348. Pamenepo mwawerengera ndi ngalande yomwe, ngati kuti mudzabzala m'madzi.

Khomani chikhomo pomwe ngalande yayambira kulowa, mukoke chingwe molunjika mpaka kumpanda. Dimba lagawika pawiri: chidutswa cha ngodya zinayi ndi china cha ngodya zitatu.

Chingwecho chifike pampanda chitaima chilili, osapendekera. Poyesa, yezani mamita 3 motsata mpanda kuchokera pomwe chakhudza, ndi mamita 4 motsata chingwe. Pakati pa zizindikiro ziwirizo pakhale mamita 5 ndendende. Zikapanda kukwana, sunthani chingwe pampandapo mpaka zikwane. Amisiri omanga nyumba amatero akamayala maziko.

Cha ngodya zinayi n'chosavuta: 20 kuchulukitsa ndi 12, tapeza 240.

Cha ngodya zitatu ndiye chimapusitsa anthu. Tsinde lake ndi mamita 9 otsala pampanda, msinkhu wake ndi chingwe chathu chija, mamita 12. Chulukitsani, mupeza 108, kenako gawani pawiri, 54. Timagawa chifukwa zidutswa ziwiri zotere mukaziphatikiza mozondotsa zimapanga chimodzi cha ngodya zinayi. Mayi kumbuyoko afunsa za mbali yotsata ngalande. Imeneyo ndi mamita 15, mayi, koma isakunyengeni, si msinkhu. Mukaichulukitsa ndi 12 n'kugawa pawiri mupeza 90, malo omwe mulibe. Msinkhu ndi mtunda waufupi kwambiri kuchokera kunsonga kufika patsinde. Ngati chidutswa chanu chilibe ngodya yowongoka, gwirani tepi pansonga, mnzanu ayendetse mbali inayo motsata tsinde. Pomwe tepi yawerenga pang'ono kwambiri, msinkhu ndi umenewo.

Tiphatikize: 240 ndi 54 zikwana 294. Pakakhala chulu kapena dzenje la zinyalala, liyezeni palokha n'kulichotsera. Pano palibe, choncho 294 kuchulukitsa ndi magalamu 20 zitipatsa magalamu 5,880. Mukapita kumsika mukagule makilo 6, osati 7 amene 348 ija ikanakugulitsani.

Tsopano awiri abwere adzagwire chingwe, tiyeze dimba la a tcheyamani.