MZIKITI WATSOPANO: MAU OFOTOKOZA MAPEPALA ANAYI A KOMITI, OLANKHULIDWA PA TSIKU LA IDI



Olemekezeka a Shehe, a Mfumu ndi nduna zanu, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo, abale ndi alongo m'Chisilamu. Kutamandidwa konse ndi kwa Allah amene watifikitsa pa tsiku la Idi tili amoyo, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad.

Komiti yatituma ife a ku madrasa kuti tifotokoze mapepala anayi akuluakulu amene mwawaona atakhomedwa pakhonde. Loyamba likuonetsa vuto, lachiwiri pulani, lachitatu mtengo, lachinayi njira zoperekera. Tikudziwa kuti mphika ukudikira kunyumba, choncho sitichedwa. Koma tikupempha kuti mumvetsere bwino pepala lachitatu, pakuti ndi pamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi vuto. Munthu mmodzi pa swala amafuna malo okwana masentimita 60 m'lifupi ndi mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera pomwe waima kukafika pomwe pagwa chipumi pa sijida. Mzikiti wathu uno ndi wa mamita 10 m'lifupi ndi mamita 7 ndi pang'ono kuchokera kutsogolo kufika kukhomo. Ndiye kuti mzere umodzi umalowa anthu 16, mizere ilipo 6, onse pamodzi anthu 96. Anyamata a madrasa akhala akuwerenga anthu pa Ijumaa kwa milungu isanu ndi itatu, ndipo abambo ndi anyamata okha amakwana 210, nthawi zina kupitirira. Otsalawo amaswalira pamphasa panja, ndipo m'dzinja ambiri amangobwerera mvula ikayamba. Amayi athu alibiretu malo, kupatula chisakasa chija chakuseri chimene mau a khutuba safikako. Mwezi wa Ramazani wathawu amayi ambiri anaswalira taraweh kunyumba, osati chifukwa cha ulesi ai.

Palinso mng'alu wa khoma lakumadzulo, umene unakula pa mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. A komiti anamata kasimenti kopyapyala pamng'alupo n'kulembapo tsiku, kuti aone ngati khoma likuyendabe. Kasimentiko kanasweka miyezi itatu isanathe. Khoma loti laima silichita choncho. Maziko ake ndi amene akutitimira, ndipo kumata pulasitala pamwamba n'kungobisa chilonda.

Pepala lachiwiri ndi pulani. Mzikiti watsopano udzakhala wa mamita 18 m'lifupi, kotero kuti mzere umodzi udzalowa anthu 30. Mbali ya abambo idzakhala ya mizere 10, anthu 300. Mbali ya amayi idzakhala ya mizere 4, anthu 120, yokhala ndi khomo lake, malo ake a wuzu ndi zimbudzi zake. Pakati pa sabata mbali imeneyi idzagwiranso ntchito ngati kalasi ya madrasa. Mudzaona timadontho takuda pa pulaniyo: amenewo ndi mizati yonyamula denga, chifukwa mamita 18 ndi mtunda wautali kuti denga liime pa makoma okha. Wojambula tinamupempha kuti aike mizatiyo pakati pa mzere ndi mzere unzake, kuti isadule mzere wa oswali.

Ena afunsa za mnara ndi dengu lapamwamba lija lozungulira. Palibe pa pulaniyi. Tasiya malo ake pakona, adzamanga ana athu kapena munthu amene Allah adzamutsegulire dzanja. Mzikiti wa Mtumiki ku Madina, umene unamangidwa atangosamukirako m'chaka cha 622, unali wa makoma a zidina, mizati ya thunthu la kanjedza ndi denga la makhwatha ake. Ife tikupempha malata, tapitirira kale pamenepo.

Chinthu chimodzi chimene sichikonzeka maziko akathiridwa ndi Chibula. Kuno kwathu Chibula chili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa, pafupifupi madigiri 7. Kampasi imatha kunama ikayandikira zitsulo, choncho tidzatsimikiza ndi dzuwa. Kawiri pa chaka dzuwa limaima pamwamba penipeni pa Kaaba: cha pa 28 Meyi nthawi ya 11:18 m'mawa, ndi cha pa 16 Julaye nthawi ya 11:27, nthawi ya kuno. Mukazika ndodo yowongoka pa nthawi imeneyo, n'kuima kumapeto kwa mthunzi wake kuyang'ana ndodoyo, mwayang'ana ku Kaaba. Zikhomo za maziko zidzakhomedwa potsata mzere umenewo, a Shehe ali pomwepo.

Tsopano mtengo. Mwaona kuti papepala lachitatu sitinalembe makwacha, talemba matumba a simenti. Sikuti tikubisa ai. Mukukumbuka kuti mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Chiwerengero cha makwacha chimene tingalembe lero chidzakhala bodza Idi ikubwerayi isanafike, ndipo anthu adzayamba kunong'onezana kuti komiti yadya. Thumba la simenti la makilogalamu 50 aliyense angathe kukafunsa mtengo wake kusitolo tsiku lililonse. Choncho zonse, malata, matabwa, zitsulo ndi malipiro a amisiri, taziwerengera kuti zikufanana ndi matumba angati. Muyeso umenewu siwangwiro, chifukwa malata sakwera mofanana ndendende ndi simenti. Koma umanama pang'ono kusiyana ndi kwacha, ndipo komiti idzauunikanso miyezi itatu iliyonse.

Ntchito taigawa m'zigawo zisanu. Maziko ndi pansi pake ndi mtengo wa matumba 900. Makoma, 700. Denga ndilo lodula kuposa zonse, 1,100. Pulasitala, zitseko, mawindo ndi magetsi, 800. Malo a wuzu ndi zimbudzi za mbali zonse ziwiri, 500. Zonsezi ndi 4,000, ndipo taonjezerapo 400 za zogwa mwadzidzidzi, monga kupeza thanthwe kapena dothi lofewa pokumba. Chiwerengero chonse ndi matumba 4,400. M'thumba la mzikiti muli kale ndalama zofanana ndi matumba 600.

Kuti muone kuti manambalawa sitinawalote, titenge makoma okha tiwawerengere limodzi. Kuzungulira nyumba yonse, kuphatikizapo khoma lolekanitsa amayi ndi abambo, ndi mamita pafupifupi 88. Kutalika kwake ndi mamita 4. Tikachotsa malo a zitseko ndi mawindo, patsala khoma la masikweya mita 290. Tidzamangira mabuloko a simenti, osati njerwa zootcha, pakuti kuyambira 2018 boma likuletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu, ndipo mitengo yotenthera uvuni kuno yatha kale. Sikweya mita imodzi imadya mabuloko 12 ndi theka, ndiye tikufuna 3,625, tingoti 3,800 poganizira osweka. Thumba limodzi tidzaumbira mabuloko 25, choncho mabuloko okha ndi matumba 152. Zotsala pa 700 paja ndi za matope omangira, mizati, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, zitsulo zake, kubwereka chikombole ndi kulipira amisiri.

Apa m'pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Woumba akafuna kuoneka wotchipa amatulutsa mabuloko 40 kapena kuposa m'thumba limodzi. Amaoneka bwino, koma mukakanda ndi msomali mchenga umayoyoka, mukaligwetsa kuchokera pachifuwa limanyenyeka. Ngakhale buloko loumbidwa bwino limafooka likapanda kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri. Ntchito yothirirayi siyofuna ndalama, ikufuna anthu ndi ndowa, m'mawa ndi madzulo.

Komiti yagwirizana lamulo limodzi limene tikupempha kuti mutigwire nalo pakamwa: chigawo sichiyamba ndalama zake zisanakwane. Tonsefe taonapo nyumba zopemphereramo zimene zinaima pamawindo zaka zisanu, udzu utamera m'kati. Makoma opanda denga amamwa mvula, ndipo ndalama imene inalowamo imasungunuka. Choncho makoma adzakwera pokhapokha theka la ndalama za denga lili kale m'manja. Mzikiti uno sitiugwetsa kufikira watsopano utafoleredwa. Ndipo zikalata za malo zikulembedwa m'dzina la matrasti a mzikiti monga wakfu, osati m'dzina la munthu, kuti mawa mdzukulu wa wina asadzati ndi munda wa agogo.

Pepala lachinayi ndi lanu. M'kaundula wathu muli mabanja 180. Ngati mabanja 100 atapereka mtengo wa thumba limodzi pamwezi, ndipo mabanja 80 otsalawo n'kumasonkherana anayianayi thumba limodzi, tidzapeza matumba 120 pamwezi. Pa miyezi 24 ndi matumba 2,880. Kuphatikiza 600 alipo kale aja, tafika 3,480. Patsala 920, ndipo amenewa tikuyang'ana kwa abale athu a mabizinesi, kwa ana athu amene ali ku Joni, ku zokolola, ndi ku manja athu. Mchenga umene tidzatute tokha, madzi amene tidzatunge tokha ndi maziko amene tidzakumbe tokha zidzachotsedwa pa mtengo, ndipo zidzalembedwa m'buku monga chopereka cha amene wagwira ntchitoyo. Mayi wamasiye wobwera ndi ndowa yake asadzione ngati sanapereke.

Chonde musagule simentiyo nokha n'kubwera nayo, pokhapokha komiti italengeza. Simenti ikakhala miyezi yoposa itatu imayamba kuchepa mphamvu, ndipo ikamva chinyezi imaundana. Perekani ndalama yofanana ndi mtengo wa tsikulo. Komiti sidzaisunga nthawi yaitali: idzagula msanga zinthu zosaonongeka monga malata ndi zitsulo, kapena kuumbiratu mabuloko. Amene muli ndi chimanga, mpunga kapena nandolo mungathe kupereka zomwezo pa nthawi yokolola, zidzayezedwa pamaso panu. Akutali atumize pa Airtel Money kapena Mpamba, pa manambala a komiti okha amene ali papepalalo, osati pa foni ya mwalimu kapena ya wachibale.

Funso lafika kwa ife kangapo m'Ramazani: kodi ndingapereke zakaati yanga ku mzikiti? Anthu oyenera kulandira zakaati anatchulidwa m'magulu asanu ndi atatu m'Sura ya Tauba, ndime 60, ndipo maulama ambiri a mazihabu onse anayi amati kumanga mzikiti sikulowa m'magulu amenewa. Zakaati ndi gawo la osauka, ndipo zakaatul fitri imene mwapereka swala ya lero isanayambe ndi chakudya chawo cha Idi. Komiti sidzalandira ziwirizi pa ntchito yomanga. Chimene tikupempha ndi sadaka yoonjezera, ija imapitirira kumupindulira munthu ali m'manda.

Pa kasungidwe, ndalama zidzakhala ku banki mu akaunti yosabereka chiwongoladzanja. Osayinira ndi atatu, ndipo sipatuluka tambala popanda awiri. Aliyense wopereka alandire lisiti, ngakhale amene safuna kuti dzina lake limveke. Ameneyo tidzamulemba ndi nambala. Munthu akabwera pakhomo panu m'dzina la mzikiti alibe buku la malisiti la chidindo, mupatseni madzi akumwa basi. Ijumaa yoyamba ya mwezi uliwonse msungichuma adzawerenga zolowa ndi zotuluka, ndipo pepala lake lidzakhomedwa pakhonde. Pa komiti yoyang'anira mabuku pali amayi awiri osankhidwa ndi amayi anzawo.

Tikatha dua, mlembi akhala pansi pa mtengo wa mango ndi kaundula wa abambo, ndipo kaundula wa amayi ali kuchisakasa. Lembetsani chimene mungathe kukwanitsa mwezi ndi mwezi, ngakhale chikhale gawo la thumba, osati chimene chingamveke bwino lero. Mabanja ofuna kusonkherana anayianayi abwere onse pamodzi. Kukumba maziko kudzayamba, Insha Allah, kaundula wa msungichuma akadzafika pa matumba 900, ndiye kuti patsala 300.

Allah alandire kusala kwathu ndi kwanu. Idi Mubaraka.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.