Nyuzipepala ikatilakwira, tikadandaule kwa ndani?



Pali mawu amene timawamva kawirikawiri m'magulu mwathu nyuzipepala kapena wailesi ikanyoza mzimayi: "Boma lili kuti? Angoitseka basi!" Mkwiyo umenewu ndi womveka, ndipo nafenso tili nawo. Koma tisanapemphe boma kuti litigwirire chikwapu, tiyeni tione kaye kuti chikwapucho chikakhala m'manja mwa boma chimagwera pa msana pa yani.

Njira zoyang'anira atolankhani zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti atolankhani azidzudzulana okhaokha kudzera m'bungwe lawo. Kwathu kuno bungwelo ndi Media Council of Malawi, lomwe lili ndi mfundo za kagwiridwe ka ntchito ya utolankhani ndipo limalandira madandaulo a anthu wamba. Yachiwiri ndi yakuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo lopatsa nduna kapena bungwe la boma mphamvu zolanga. Chitsanzo ndi MACRA, imene imapereka ziphaso kwa mawailesi ndi makanema, ndipo ikhoza kulipiritsa chindapusa kapena kulanda chiphasocho. Akuluakulu oyendetsa MACRA amasankhidwa ndi Pulezidenti. Mfundo imeneyi muisunge.

Njira yachiwiriyi tinailawa kale. Kumayambiriro a 2011, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anasainira kusintha kwa gawo 46 la malamulo a milandu. Gawoli linapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala kapena cholembedwa chilichonse ngati ndunayo ikuona kuti n'chosemphana ndi zokomera anthu. Mawuwo akumveka bwino, eti? Koma funso ndi lakuti, woyeza zokomera anthuzo ndani? Ndi nduna yomweyo imene nyuzipepala ikhoza kukhala ikuifufuza. Chaka chomwecho, pa zionetsero za pa 20 Julaye, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa, MACRA inaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pompopompo. Mayi amene mwana wake anali m'tauni tsiku limenelo anamanidwa nkhani pa nthawi imene ankaifuna koposa. Gawo 46 lija linadzachotsedwa mu 2012, Mayi Joyce Banda atalowa m'boma.

Tsono kumbukirani Januwale wa 2012, gawolo likadalipo, pamene amayi ankavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Dziko linadziwa bwanji? Atolankhani analemba, mawailesi analankhula, amayi anasonkhana n'kukana. Nkhani zathu zambiri n'zotere: zimachititsa manyazi anthu amphamvu. Mkulu wogona ana asukulu, bwana wofuna thupi kuti akulembe ntchito, wapolisi wogwiririra. Lamulo lolola munthu mmodzi kutseka nyuzipepala "pokomera anthu", tsiku lina lidzatseka nkhani zimenezi. N'chifukwa chake gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko lino, loteteza ufulu wa atolankhani, ndi lathunso ifeyo.

Izi sizikutanthauza kuti atolankhani ndi angelo, ayi. Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mtsikana wa zaka 14 wagwiriridwa ndi bambo ake omupeza. Nyuzipepala yalemba nkhaniyo. Dzina la mwanayo sanalitchule, koma atchula dzina lonse la bamboyo, mudzi, sukulu ndi kalasi imene mwanayo ali. Kwa munthu wa kutali palibe vuto. Koma kwa anthu a m'mudzimo, dzina lalembedwa kale, chifukwa mwana wopeza wa bambo uja wa mu Sitandade 7 alipo mmodzi yekha. Lolemba sapitanso kusukulu. Mukafuna kudziwa ngati nkhani yaulula munthu, musangoyang'ana dzina. Dzifunseni kuti, kodi neba akawerenga izi amuzindikira?

Zikatere timatani? Choyamba, sungani umboni: nyuzipepalayo, tsiku, tsamba ndi mutu wa nkhani. Ngati ili pa intaneti, ijambuleni pa foni asanaisinthe. Ngati ndi pa wailesi, lembani dzina la pulogalamu, tsiku ndi ola. Chachiwiri, kambiranani ndi mwanayo ndi mayi ake musanachite china chilichonse. Dandaulo lopita mwaphuma likhoza kuwanditsa nkhaniyo kuposa kale, ndiye ngati iwo akana, ife tisakakamize.

Chachitatu, lemberani mkonzi kalata, osati kungoimba foni. Musangoti "mwatikhumudwitsa". Tchulani mzere weniweni umene waulula mwanayo, ndipo nenani chimene mukufuna: kuti achotse dzina la sukulu ndi mudzi pa tsamba lawo la intaneti lero lomwe, ndi kuti nkhani zotsatira za mlanduwu asadzabwerezenso. Apa samalani ndi kupepesa kwa pagulu. Pa nkhani yabodza, kupepesa m'nyuzipepala kumathandiza. Pa nkhani ya mwana wogwiriridwa, kupepesa kotchula nkhani ija ndi kumuululanso kachiwiri. Pemphani kuti apepese kwa banjalo mwachinsinsi. Chachinayi, mkonzi akapanda kuyankha, tengani kalata yomweyo ndi umboni uja kupita nazo ku Media Council of Malawi.

Tinene chilungamo pa malire a njira imeneyi. Bungweli silimanga munthu ndipo silitseka nyuzipepala. Mphamvu yake ndi kunena poyera kuti uyu walakwa, akonze. Likuweruzanso anthu a ntchito imodzi, ndiye mwayi wokondera ulipo. Komanso masamba a miseche a pa Fesibuku, amene eni ake sadziwika nkhope, salabadira bungwe lililonse. Pamenepo, ndiponso pamene lamulo lathyoledwa, monga kufalitsa zithunzi za munthu ali maliseche, njira ndi ya kupolisi ndi kukhoti. Sitikukana lamulo. Kusiyana kwake ndi uku: kukhoti wolakwa amayankha pa chinthu chimodzi chimene wachita, mbali zonse zimamvedwa, ndipo pali apilo. Mwa nduna, munthu mmodzi amatseka pakamwa pa nyuzipepala yonse, ndi nkhani zabwino zomwe.

Choncho mukamva kuti kukubwera lamulo latsopano "lothana ndi atolankhani osasamala", mufunse mafunso atatu. Osankha anthu oweruzawo ndani, ndipo angawachotse ndani? Mlandu wake walembedwa momveka, kapena ndi mawu otambasuka ngati "zosokoneza mtendere"? Nanga wolangidwa ali ndi kokachita apilo? Ngati mayankho onse akuloza ku ofesi ya ndale, lamulolo silinabwere kudzateteza mwana wa Sitandade 7 uja, ngakhale alitchule dzina lokoma bwanji.

Pempho lathu ndi ili. Gulu lililonse lisankhe anthu awiri oti aziwerenga ndi kumvetsera nkhani zokhudza amayi ndi atsikana m'dera lawo, azisunga umboni m'kope limodzi. Dandaulo limodzi mkonzi akhoza kuliponya m'dirowa. Koma makalata khumi, aliyense ali ndi tsiku ndi tsamba lake, amaonetsa chizolowezi, ndipo chizolowezi n'chovuta kuchikana pamaso pa atolankhani anzake. Tizikakamizanso kuti m'makomiti omva madandaulo mukhale amayi odziwa nkhani za nkhanza. Bungwe lofooka tikhoza kulilimbitsa polipatsa ntchito. Wailesi yotsekedwa sitingaulutsirepo kulira kwathu.