Kuwoloka Mtsinje wa Ng'ona: Masewera Ophunzitsa Utsogoleri

Lero tikambirana za masewera amodzi amene magulu a masikauti ndiponso magulu ena a achinyamata amachita pofuna kuona m'mene mwana angatsogolerere anzake pamene pagwa vuto. Polankhula tiika maganizo athu pa sukulu za kufupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe, m'boma la Mambwe, m'chigwa cha Luangwa. Kumeneko liwu lakuti sikauti limakumbutsa anthu za msilikali wolonda nyama za m'tchire, koma ife tikunena za anyamata ndi atsikana a gulu limene anayambitsa Robert Baden-Powell.

Mu Ogasiti 1907 Baden-Powell anatenga anyamata 20 nakakhala nawo mu msasa pa chisumbu cha Brownsea ku Mangalande. Anawagawa m'timagulu tinayi, ndipo kagulu kalikonse anakapatsa mtsogoleri wochokera pakati pa anyamata omwewo. Kufikira lero masikauti amagwira ntchito m'timagulu ta ana 6 mpaka 8, ndipo wamkulu amaima pambali. Masewera amene tifotokoze lero akonzedwera kagulu kotere ka ana 8, a zaka za pakati pa 12 ndi 16.

Zofunika ndi zochepa. Aphunzitsi, pezani malo a mchenga kapena a dothi louma pabwalo la sukulu, ndipo mulembe ndi ndodo mizere iwiri yotalikirana mamita 8. Pakati pa mizereyo ndiye mtsinje wodzala ng'ona. Kenaka mupeze matumba 5 a ufa a makilogalamu 25, opanda kanthu, ndipo lililonse mulipinde pawiri kotero kuti ana awiri okha ndiwo angathe kuimapo mothithikana. Matumbawo ndiwo miyala yopondapo. Musawayale pa simenti, pakuti amaterera, ndipo m'nyengo ya dzinja musawayale pa makande onyowa a m'chigwamo. Tinenenso poyera kuti mtsinjewu ndi wolemba pansi basi. Masewerawa asachitikire m'mbali mwa Luangwa kapena Lupande, ngakhale madzi ataphwa chotani, chifukwa ng'ona za kumeneko n'zenizeni.

Malamulo ake ndi atatu, ndipo muwanene kamodzi kokha, momveka bwino. Ana onse 8 ayenera kufika tsidya lina. Phazi la mwana aliyense likakhudza pansi pakati pa mizere, kagulu konse kabwerera kukayambanso. Ndipo thumba lililonse limene lasiyidwa m'madzi popanda wolikhudza ndi phazi kapena dzanja, ngakhale kwa kamphindi, lakokoloka, ndipo mphunzitsi alichotsa osalibwezanso. Mukatha kunena malamulowo, lozani mwana mmodzi kuti ndiye mtsogoleri, mupatse kagulu mphindi 3 zopangana, ndi mphindi 15 zowolokera.

Mwina mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani matumba ali 5 osati 8. Yankho lake ndi la masamu. Mwana amene ali ndi mnzake pa thumba limodzi satha kulumpha patali; amaponda bwino pa mtunda wa masentimita 80. Matumba 5 oyalidwa chotero amafika mamita 4 okha, ndiko kuti theka la mtsinje. Kuti apitirire, ana ayenera kutola thumba lam'mbuyo ndi kupatsirana mpaka lifike kutsogolo. Koma thumbalo silingatoledwe ngati pali woimapo, motero ana onse 8 ayenera kukwana pa matumba 4 otsalawo, awiriawiri. Choncho powerenga matumba, gawani chiwerengero cha ana pawiri, n'kuwonjezapo limodzi. Ana 6 asowa matumba 4, ana 10 asowa matumba 6. Mukawapatsa ochuluka kuposa apa, aliyense awoloka yekha ndipo mtsogoleri sakhala ndi ntchito. Mukawapatsa ochepa, ataya mtima msanga.

Tsopano tiyeni tiyerekeze kuti tikuonerera kagulu kamene kakuchita masewerawa koyamba. Mtsogoleri amene mwasankha ndi mtsikana wofatsa wa mu Giredi 7. Mphindi zopangana zija zisanathe, mnyamata wamtali, katswiri wa mpira, wanyamula kale matumba. Aponya loyamba m'madzi, ndipo pamene likugwa palibe wolikhudza. Mphunzitsi alichotsa. Kapena mwina aliika bwino ndi kupondapo, koma pofulumira kupita pa lachiwiri, asiya loyamba lili lokha anzake akali kumtunda. Nalonso lapita. Nthawi zambiri thumba limatayika motere m'mphindi yoyamba yeniyeni, ndipo wolitaya amakhala mwana wamphamvu ndi wachangu kuposa onse.

Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amalakwa. Mtima umawawa kuona ana akusokonezeka, ndipo pakamwa pamayabwa kuti muwauze njira. Pirirani. Mukangonena kuti achite chakuti, ana onse atembenukira kwa inu, ndipo mtsikana uja waleka kukhala mtsogoleri. Ntchito yanu ndi kuchotsa matumba okokoloka, kusunga nthawi, ndi kuonetsetsa kuti palibe wokankha mnzake. Ngati muli ndi kope, lembani amene wayamba kupereka nzeru, ndi amene nzeru yake yamveka. Kawirikawiri sakhala munthu mmodzi.

Kagulu kaja tsopano katsala ndi matumba 4. Nanga angawoloke onse? Pa ulendo umodzi ayi, pakuti potola lam'mbuyo patsala matumba 3, ndipo pa matumba 3 pakwana ana 6 okha. Komabe njira ilipo. Ana 6 awoloke poyamba, osasiya thumba lililonse m'mbuyo, ndipo mmodzi abwerere, akuponda pa matumba awiri mosinthanitsa, ena awiriwo atawakolekera paphewa, kuti akatenge anzake awiri otsala. Mtsogoleri ayenera kusankha otsala ndi wobwerera, ndipo ayenera kutero nthawi ikutha, anzake akukuwa. Mnyamata wamtali uja, amene anataya thumba, ndiye woyenera ntchito yobwerera, chifukwa ali ndi miyendo yaitali. Mtsogoleri amene waona zimenezi, m'malo momukalipira, wachita chinthu chovuta chimene ngakhale akuluakulu ena sachitha.

Kagulu kamene kasunga matumba onse 5 kali ndi vuto lina. Kuti kafike tsidya lina kayenera kuyala thumba kasanu ndi kanayi: kasanu poyamba, ndiponso kanayi potola lam'mbuyo. Nthawi iliyonse pamene thumba latsopano layalidwa kutsogolo, mzere wonse uyenera kusendera. Wakutsogolo akapita pa thumba latsopano, mnzake atsala yekha pa thumba lachiwiri kuchokera kutsogolo. Iyeyo akatsatira msanga, thumba lake likhala lopanda munthu ndipo likokoloka, mzere n'kuduka pakati. Chinsinsi chake n'chakuti mwana amene ali yekha pa thumba asachoke kufikira wam'mbuyo ataikapo phazi. Womaliza nayenso ayenera kuwerama ndi kugwira thumba lake ndi dzanja asanachotse phazi lachiwiri. Ana akatulukira okha zimenezi, mudzamva phokoso likuchepa, ndipo padzayamba kumveka liwu limodzi loitana maina.

Inu ana amene mudzasankhidwa kutsogolera, ganizirani za malo amene mudzaime. Ambiri amathamangira kutsogolo, poyesa kuti mtsogoleri ndiye woyamba pa mzere. Koma wakutsogolo maso ake ali pa thumba limene akuyala, ndipo zam'mbuyo saziona, pamene matumba amatayikira m'mbuyo ndi pakati. Mukaima pa thumba lachitatu kapena lachinayi, muona mbali zonse ndipo liwu lanu lifika kwa onse. Ena a inu muli ndi abale amene amaperekeza alendo oyenda pansi m'nkhalango ya South Luangwa, ntchito imene Norman Carr anaitchukitsa m'chigwa chimenechi. Afunseni. Adzakuuzani kuti alendo amayenda pa mzere umodzi, wamfuti ali patsogolo kuyang'ana njira, pamene wofotokoza za nyama amatsatira pambuyo pake kuti azisamalira anthu. Ntchito ziwirizi sapatsa munthu mmodzi.

Nthawi ikatha, kaya awoloka kaya alephera, khazikani ana pansi pamthunzi kwa mphindi 10. Musayambe ndi kufunsa amene walakwa, pakuti onse aloza mnyamata uja ndipo nkhani ithera pomwepo. Funsani mtsogoleri poyamba kuti anapangana zotani asanalowe m'madzi, ndi pamene pangano linasinthira. Kenaka funsani ngati panali wina amene anali ndi nzeru koma sanamvedwe. Pafupifupi nthawi zonse pamapezeka mwana wamng'ono amene ananena motsitsa mawu kuti thumba lisasiyidwe lokha, koma anzake sanamusamale. Mulekeni anene yekha. Pomaliza afunseni chinthu chimodzi chokha chimene adzasinthe, ndipo abwereze masewerawo pomwepo ndi mtsogoleri wina. Pa milungu 4, mukachita kawiri pa msonkhano uliwonse, mwana aliyense mwa 8 aja adzakhala atatsogolerapo.

Kagulu kakazolowera, masewerawa amapepuka, ndipo muyenera kuwalimbitsa. Njira yabwino ndi kuletsa kulankhula. Ana a ku Mfuwe ambiri anaonapo, ali kunja kwa mpanda wa bwalo la ndege, munthu amene amaima patsogolo pa ndege imene yatera, akuikodola ndi manja kuti ibwere, ikhote kapena iime. Amatero chifukwa injini imameza mawu, ndipo zizindikirozo woyendetsa ndege amazidziwa kale. Uzani ana kuti m'mphindi 3 zopangana zija agwirizane zizindikiro zawo zitatu: sendera, ima, ndi tola thumba. Akalowa m'madzi, wolankhula aliyense atayitsa thumba limodzi. Apa mtsogoleri amene sanapangane bwino kumtunda amaonekera msanga, chifukwa pakati pa mtsinje sangathenso kufotokoza kanthu. Ndiponso ana amazindikira okha kuti mtsogoleri ayenera kuima pamene onse angamuone.

Pali zina zofunika kusamala. Anyamata ndi atsikana a msinkhu umenewu amachita manyazi kuima mothithikana pa thumba limodzi, ndipo makolo ena sakondwera nazo. Lolani mtsogoleri akonze kuti atsikana aziima ndi atsikana anzawo, kapena pangani timagulu tosiyana. Mwana wovutika kuyenda musamuike pambali. Chepetsani mtsinje ukhale mamita 6, ndipo kumuwolotsa kukhale mbali ya vuto limene kagulu kayenera kuthetsa. M'mwezi wa Okutobala kutentha m'chigwa cha Luangwa kumapitirira madigiri 40, mchenga n'kumaotcha mapazi, choncho sewerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi. Ngati ndi madzulo, malizani nthawi ikalipo kuti ana okhala kutali afike kwawo kusanade, makamaka m'nyengo ya mango, pamene njovu zimalowa m'midzi.