Gulu la Ziŵalo Zisanu ndi Zitatu la Hamilton

Takumananso pa nthaŵi yathu yokambirana za masamu. Amene muli ndi pensulo ndi pepala pafupi muzitenge, pakuti nkhani ya lero imamveka bwino munthu akamalemba yekha zimene akumva.

Kusukulu tinaphunzira kuti 3 kuchulukitsa ndi 5 n'chimodzimodzi 5 kuchulukitsa ndi 3. Tinazoloŵera zimenezi kotero kuti sitiganiza n'komwe kuti lamuloli lingathe kusweka. Koma pa 16 Okutobala 1843, katswiri wa masamu wa ku Ireland, William Rowan Hamilton, akuyenda m'mbali mwa ngalande mumzinda wa Dublin, anatulukira manambala atsopano amene samvera lamulo limeneli. Anawatcha makwateniyoni, ndipo lamulo lake analizokota pa mwala wa mlatho wa Broom. Lamulolo ndi ili:

i² = j² = k² = ijk = −1

Pa manambala ameneŵa ife titengapo asanu ndi atatu okha: 1, −1, i, −i, j, −j, k ndi −k. Kachizindikiro kotsogolako timakaŵerenga kuti mainasi. Tsono jambulani mzere wozungulira, ndipo mulembepo zilembo i, j, k motsatana monga muyendera muvi wa wotchi. Mukachulukitsa zilembo ziŵiri motsata muviwo, yankho ndi chilembo chachitatu: i × j = k, j × k = i, k × i = j. Mukayenda mobwerera, yankho limatenga mainasi: j × i = −k, k × j = −i, i × k = −j. Chilembo chilichonse mukachichulukitsa ndi icho chomwe, yankho ndi −1. Mainasi aŵiri akakumana amafafanizana monga mwa nthaŵi zonse. Malamulo onse ndi omweŵa.

Zinthu zisanu ndi zitatuzi zimapanga chimene a masamu amachitcha gulu. Liwuli kwa iwo lili ndi tanthauzo lakelake. Choyamba, mukachulukitsa ziŵalo ziŵiri zilizonse, yankho liyenera kukhala chiŵalo cha gulu lomwelo. Chachiŵiri, payenera kukhala chiŵalo chosasintha kanthu, chimene pano ndi 1. Chachitatu, chiŵalo chilichonse chikhale ndi chobweza chake, chimene mukachulukitsa nacho mubwerera pa 1. Chobweza cha j ndi −j, chifukwa j × j ndi −1, ndipo mainasi winayo amasandutsa yankholo kukhala 1. Chachinayi, pochulukitsa ziŵalo zitatu mungathe kuyamba ndi ziŵiri zoyamba kapena ziŵiri zotsiriza, malinga ngati simunasinthe mndandanda wake. Gulu limene kusintha mndandanda sikusintha yankho limatchedwa gulu la Abel, potengera dzina la Niels Henrik Abel wa ku Norway, amene anamwalira mu 1829. Gulu lathu si la Abel ayi, pakuti i × j ndi k pamene j × i ndi −k. M'mabuku amalilemba mwachidule kuti Q8.

M'kati mwa gulu mumapezeka timagulu tating'ono timene patokha timakwaniritsa malamulo anayi aja. Tiyeni tifufuze ta m'gulu lathu. Yambani ndi i, ndipo muzichulukitsa ndi i mobwereza. Koyamba mupeza −1, kachiŵiri −i, kachitatu 1, ndipo mwafika pamene sipangatulukenso chachilendo. Chomwecho 1, i, −1 ndi −i ndi kagulu ka ziŵalo zinayi. Nazonso j ndi k zili ndi timagulu totere, chilichonse kake. Mukayamba ndi −1 mupeza kagulu ka ziŵalo ziŵiri, 1 ndi −1. Palinso 1 payekha, ndiponso gulu lonse lathunthu. Kodi pangakhale kena? Iyayi. Kagulu kakangokhala ndi zilembo ziŵiri zosiyana, monga i ndi j, kayenera kulandiranso k ndi mainasi onse, ndipo kasanduka gulu lonse. Timagulu tonse ndi tisanu ndi kamodzi basi.

Tsopano tifike pa mayeso amene kagulu kalikonse kamayesedwa nawo. Tengani chiŵalo cha m'kaguluko, muchiike pakati. Kumanzere kwake muike chiŵalo chilichonse cha gulu lalikulu, ndipo kumanja muike chobweza cha chiŵalo chomwecho, kenaka muchulukitse zitatuzo. Tizitcha ntchito imeneyi kukuta. Ngati yankho limagwera m'kagulu komweko nthaŵi zonse, ngakhale mukute ndi chiŵalo chiti, timati kaguluko n'kokhazikika. Ngati pali ngakhale kukuta kumodzi kokha kumene kutulutsa yankho kunja, kaguluko n'kosakhazikika. M'gulu la Abel mayesoŵa alibe ntchito, chifukwa chokutira ndi chobweza chake zimangosendera pamodzi n'kufafanizana, chapakati chija n'kutsala monga chinaliri. Timagulu tonse ta gulu la Abel n'tokhazikika.

Kuti tione mayesoŵa akulephereka, tengani kachikatoni ka mbali zinayi zofanana, mulembe manambala 1, 2, 3, 4 m'ngodya zake, kutsogolo ndi kuseri komwe. Pali njira zisanu ndi zitatu zokanyamulira ndi kukabwezera pamalo pake: njira zinayi zozunguza, kuphatikizapo kusakasuntha konse, ndi njira zinayi zogadabuza. Limeneli nalonso ndi gulu la ziŵalo zisanu ndi zitatu, ndipo si la Abel. Kusasuntha pamodzi ndi kugadabuza kochokera kumanzere kunka kumanja zimapanga kagulu ka ziŵalo ziŵiri, popeza mukagadabuza kaŵiri mubwerera pakale. Tsono kutani motere: zunguzani kachikatoniko mpaka mbali yakumwamba ifike kumanja, gadabuzani kuchokera kumanzere kunka kumanja, kenaka zunguzani mobweza. Yang'anani manambala aja. Muona kuti kachikatoniko kakhala ngati mwakagadabuza kuchokera kumwamba kunka kumunsi. Kugadabuza kumeneku mulibe m'kagulu kathu kaja, motero kaguluko n'kosakhazikika. Gulu la kachikatoni lili ndi timagulu khumi, ndipo tinayi mwa ito n'tosakhazikika.

Munthu ataona zimenezi angathe kuganiza kuti gulu lililonse losakhala la Abel liyenera kukhala ndi kagulu kosakhazikika penapake. Ganizo limeneli limaoneka lanzeru, koma n'lolakwa, ndipo chimene chimaligwetsa ndi gulu la Hamilton. Tiyeni tiyese kagulu ka i, tikute i ndi j. Tikufuna j × i × (−j). Poyamba j × i ndi −k. Kenaka (−k) × (−j) n'chimodzimodzi k × j, ndipo yankho ndi −i. Onani bwino chimene chachitika: i wasuntha ndithu, wasanduka −i, koma −i ndi wa m'nyumba yomweyo. Mukakuta i ndi k mupezanso −i. Mukakuta ndi i mwini, kapena ndi −1, sasuntha konse. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya, poyesa kuti kukhazikika kutanthauza kuti chiŵalo chilichonse chikhale pamalo pake. Sichoncho. A m'nyumba angathe kusinthana mipando, koma chofunika n'chakuti pasakhale wotulutsidwa pakhomo.

Chifukwa chake chili pa mfundo ziŵiri zimene zimakumana m'gulu limeneli. Yoyamba ndi yakuti kusintha mndandanda wa ziŵalo ziŵiri sikubweretsa kanthu kena koposa mainasi, kotero kukuta kumasiya chiŵalo monga chinaliri kapena kumangochiveka mainasi. Yachiŵiri ndi yakuti mainasiyo kagulu kali naye kale. Kagulu kamene kali ndi i kayenera kukhala ndi i × i × i, ndipo yankho lake ndi −i. N'chimodzimodzinso ndi j ndi k. Kunena za 1 ndi −1, ziŵirizi sizisuntha ngakhale muzikute ndi chiyani. Motero timagulu tonse tisanu ndi kamodzi tija n'tokhazikika. M'gulu la kachikatoni mfundo yachiŵiriyi ndiyo imasoŵa: kugadabuza mukakubwereza kumangokubwezerani pa chiyambi, osakufikitsani kwa mnzake amene kukuta kumatulutsa.

Mfundo yomweyi imatipatsa njira yachidule yosiyanitsira magulu aŵiriŵa, amene ndiwo okha a ziŵalo zisanu ndi zitatu osakhala a Abel. Ŵerengani ziŵalo zimene mukazichulukitsa ndi izo zomwe zimapereka 1, osaŵerengera 1 mwini. M'gulu la kachikatoni zilipo zisanu: kugadabuza kunayi ndi kuzunguza theka. M'gulu la Hamilton chilipo chimodzi chokha, −1, ndipo kagulu kalikonse ka ziŵalo zoposa chimodzi kali nacho.

Phindu la kagulu kokhazikika ndi lakuti mungathe kukaona ngati chinthu chimodzi, n'kupanga gulu latsopano laling'ono. Chitani zimenezi ndi kagulu ka 1 ndi −1, ndiko kunena kuti muleke kusamala za mainasi. Patsala zinthu zinayi, 1, i, j ndi k, ndipo tsopano i × j ndi j × i zonse zikupereka k. Gulu lotsalali ndi la Abel. Kusamvera konse kwa gulu la Hamilton kunali m'kachizindikiro kamodzi kaja.

Nanga magulu otere ndi ochuluka bwanji? Funsoli analiyankha Richard Dedekind wa ku Germany mu 1897, ndipo ndiye amene anawatcha magulu a Hamilton. Pa magulu osakhala a Abel, locheperapo kuposa lathuli ndi limodzi lokha, la ziŵalo zisanu ndi chimodzi, limene mumalipeza posuntha kachikatoni ka mbali zitatu zofanana, ndipo limalephera mayeso aja. Chotero Q8 ndilo laling'ono koposa. Dedekind anasonyezanso kuti gulu lililonse la ziŵalo zoŵerengeka, losakhala la Abel koma lokhala ndi timagulu tokhazikika tokhatokha, limapangidwa polumikiza Q8 ndi gulu lina la Abel, ndipo gulu linalo lisakhale ndi chiŵalo chimene chimabwerera pa 1 pokhapokha chitachulukitsidwa kanayi. Reinhold Baer anafikitsa mfundoyi ku magulu a ziŵalo zopanda malire mu 1933. Tanthauzo lake n'lakuti chiŵerengero cha ziŵalo za gulu lotere chiyenera kugaŵika ndi 8. Mukamva wina akunena kuti wapeza gulu la Hamilton la ziŵalo 12 kapena 27, dziŵani kuti walakwitsa penapake. Komanso kugaŵika ndi 8 pakokha sikokwanira. Pali gulu la ziŵalo 16 lotchedwa Q16, lachibale ndi lathuli, limene nalonso lili ndi chiŵalo chimodzi chokha chonga −1, koma lili ndi timagulu ta ziŵalo zinayi tosakhazikika, chifukwa kumeneko kukuta kumachita zambiri koposa kungoveka mainasi.

Tisanasiyane, nayi ntchito yoti muyese kunyumba. Kutani k ndi i, ndiko kuti muchulukitse i × k × (−i), ndipo muone ngati yankho likugwera m'kagulu ka 1, k, −1 ndi −k. Mukapeza j kapena −j, ndiye kuti mwasiya kuchulukitsa pakati panjira. Mukapeza k wopanda mainasi, bwererani ku mzere wozungulira uja, pakuti penapake mwayenda mobwerera osaika chizindikiro.