Kaundula wa Alendo ndi Kukula kwa Mphika

Pa msonkhano uliwonse umene anthu amayamba alembetsa maina, a komiti ya zakudya amakumana ndi funso limodzi lovuta: mwa anthu amene alembedwa m'kaundula, ndi angati amene adzakhaledi pansi ndi kusamba m'manja? Akaphika mopereweza, alendo ochokera kutali amabwerera ndi njala, ndipo manyazi ake amagwera mpingo kapena mudzi wonse. Akaphika mopyola muyezo, ndalama zimene anthu anasonkha movutikira zimathera kudzala. Nkhani ya lero ikulongosola njira yowerengera alendo, ndipo chitsanzo chake ndi msonkhano wa tsiku limodzi wa amayi a mpingo, wochitikira pa Limbuli m'boma la Mulanje, pafupi ndi malire a Muloza.

Dzina lolembedwa m'buku ndi lonjezo chabe, ndipo malonjezo salemera mofanana. Chifukwa cha ichi mlembi wanzeru sayamba ndi kuphatikiza maina onse, koma amawagawa molingana ndi mtunda umene munthu adzayende. M'chitsanzo chino maina alipo 300. Mwa iwo, 150 ndi a anthu a m'midzi yozungulira Limbuli, amene adzabwera wapansi kapena pa njinga. Ena 100 ndi ochokera ku Mulanje Boma, ku Chitakale ndi ku Luchenza, amene ayenera kupeza ndalama ya minibasi. Otsala 50 ndi a kutali, monga ku Blantyre, ndi a kutsidya kwa malire ku Milange m'dziko la Mozambiki.

Gulu lililonse limapatsidwa muyezo wake, ndipo muyezowo umachokera m'buku la misonkhano yam'mbuyo ya malo omwewo, osati m'maganizo a munthu. Ngati bukulo likuonetsa kuti mwa anthu khumi apafupi amafika asanu ndi anayi, ndiye kuti mwa 150 aja tsikulo kudzafika 135. Ngati mwa khumi okwera minibasi amafika asanu ndi awiri, mwa 100 aja kudzafika 70. Ngati a kutali amafika theka, mwa 50 kudzafika 25. Onse pamodzi ndi 230. Pamenepa pamaonjezedwa anthu amene kaundula sawadziwa koma amadya ndithu, ndiwo ophika, otunga madzi, owaza nkhuni ndi oyendetsa magalimoto. Akakhala 20, chiwerengero chapakati chimafika pa 250.

Komabe nambala imodzi siyokwana, popeza tsiku lenilenilo limabwera ndi zake. Dera la Mulanje limalandira mvula yambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo nyengo yomweyo ndiyo imene masamba a tiyi amachuluka, kotero kuti ambiri ogwira ntchito m'minda ya tiyi sapeza mpata wochoka. M'miyezi yozizira chiperoni chimatha kusunga okalamba m'nyumba. Msonkhano ukagwera pa tsiku la msika wa Limbuli, amayi ochita malonda amafika mochedwa kapena osafika konse. Choposa zonse ndi maliro, pakuti mudzi umene mwagwa zovuta sutumiza munthu ku msonkhano. Mbali inayo, amayi ena amabwera ndi ana, ena ndi anzawo amene sanalembetse. Motero a komiti amasunga manambala atatu: yotsika ya 200, yapakati ya 250, ndi yokwera ya 275, imene ndi yapakati ija ataonjezapo munthu mmodzi pa khumi alionse.

Nambala iliyonse ili ndi ntchito yake. Zakudya zouma, zimene sizionongeka zikatsala, zimagulidwa poyang'ana nambala yokwera. Kilogalamu imodzi ya ufa imakwanira akuluakulu anayi pa chakudya chimodzi, choncho anthu 275 afunika makilogalamu pafupifupi 70. Apa ambiri amaphonya poganiza kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatulutsa ufa wolemera chimodzimodzi. Zimenezi zimayandikira choonadi pa mgaiwa pokha. Chimanga chikakonoledwa ndi kuviikidwa kuti chikhale ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ku madeya ndi ku madzi, ndiye pamafunika matumba awiri ndi ndowa ina yapadera. Nyemba nazo zimagulidwa ndi kuphikidwa zokwanira onse 275, pafupifupi makilogalamu 18 powerengera anthu 15 pa kilogalamu, chifukwa zimachedwa kupsa ndipo sizingatereke mwadzidzidzi alendo atafika kale.

Nyama ndiyo imadya ndalama zambiri, ndipo ikaphedwa sibwerera m'khola. Mbuzi yaikulu bwino ya kumudzi imapereka nyama ndi mafupa zokwana makilogalamu khumi kapena kuposerapo pang'ono, zimene zimafikira anthu ngati 80, aliyense nthuli ziwiri. Wowerengera maina 300 akanapha mbuzi zinayi. Wowerengera 250 amapha zitatu m'mamawa, nadalira zam'kati ndi nyemba kuti zitseke mpata wotsalawo. Mbuzi yachinayi imagwirizanidwa ndi mwini wake kuti idzalipiridwa pokhapokha ikaphedwa, ndipo imamangidwa pamtengo pafupi ndi pophikira.

Nsima ndiyo imagwiritsa ntchito nambala yotsika, popeza imapsa msanga madzi akakhala otentha kale. Miphika yoyamba imalandira makilogalamu 50, okwanira anthu 200. Makilogalamu 20 otsalawo amakhala m'thumba, ndipo mphika wina wa madzi umakhala pamoto kudikira mawu a wowerenga.

Wowerengayo ndi munthu wofunika kwambiri pa tsikuli. Amakhala pakhomo ndi kaundula, nachonga dzina la aliyense wolowa, ndipo osalembetsa amawalemba patsamba lapadera. Ngati chakudya ndi cha 1 koloko masana, iye amatumiza chiwerengero kwa ophika nthawi ya 10 koloko, mbuzi yachinayi ikadali ndi mpata woti iphedwe ndi kupsa. Chimene ophika amafuna kumva si nambala yonse yokha ayi, koma gulu limene likusowa. Apafupi akachepa pa 10 koloko pa tsiku la msika, ambiri a iwo adzafika ndithu nthawi ya chakudya isanakwane. Koma akachepa chifukwa cha maliro, sadzabwera. Osalembetsa akapitirira 25 pa nthawi imeneyo, nambala yokwera ija yasweka, ndipo mbuzi ija iphedwe msanga. Chiwerengero chachiwiri chimatumizidwa 12 koloko, ndipo ndicho chimalamula ngati ufa wotsala ulowe mumphika.

Ngakhale masamu akhale olondola, chakudya chimatha kupelewera pogawa. Anthu akamadzitengera okha, oyamba amadzaza mbale ndipo otsiriza amapeza msuzi. Nchifukwa chake nyama imagawidwa ndi anthu osankhidwa, ndipo mitanda ya nsima imaomoledwa ndi chipande chimodzimodzi. Gawo la ophika ndi la alendo a kutali amene akadali m'njira limapatulidwa kugawa kusanayambe. Zophika zikatsala zimagawidwa tsiku lomwelo, pakuti a zaumoyo amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri.

Ntchito yotsiriza ndi ya mlembi. Alendo akabalalika, iye amalemba m'buku kuti pa gulu lililonse analembetsa angati ndipo anafika angati, osalembetsa anali angati, kunja kunacha bwanji, ndi ufa umene watsala m'thumba. Miyezo ya pa Limbuli singagwire ntchito ku Karonga kapena ku Nsanje, ndiponso ya msonkhano wa mpingo singagwire pa ukwati, kumene osaitanidwa amatha kuchuluka kuposa oitanidwa. Komiti imene yasunga zolemba za misonkhano itatu kapena inayi imakhala ndi miyezo yakeyake, ndipo chaka chotsatira imapita kumsika ikudziwa matumba ndi mbuzi zimene ikagule.